Timakadi Tobwerezera Phunziro la Bayoloje

Timakadi tobwerezera ndi tizidutswa ta pepala lolimba timene mbali imodzi timanyamula mawu a sayansi, pamene kuseri kwake kumalembedwa tanthauzo la mawuwo, kotero kuti wophunzira amayamba wayankha pamtima asanatembenuze kakhadi kuti adziyese. Potipanga kuchokera pa zimene mphunzitsi waonetsa m'kalasi, wophunzira sayenera kukopera tsamba lonse, chifukwa kakhadi kamene kasenza mfundo zitatu kamamulepheretsa kudziwa mfundo imene waiwala.

Wophunzira wa ku Goliati amene akukonzekera mayeso a MSCE, omwe amalembetsa a MANEB, angathe kutenga chitsanzo pa tiyi wa m'minda ya ku Thyolo. Kutsogolo kwa kakhadi angalembe mawu akuti oksini, ndipo kuseri angafotokoze kuti ndi homoni ya zomera, kutanthauza mankhwala olamulira kakulidwe, imene imapangidwa kunsonga ya mphukira n'kumaletsa timaso ta m'mbali kuphuka. Funso lakuti n'chifukwa chiyani tiyi amachita nthambi zambiri akathyoledwa masamba awiri ndi kansonga liyenera kupita pa kakhadi kena, popeza limayesa kumvetsa osati kuloweza chabe, ndipo yankho lake ndi lakuti gwero la oksini lachotsedwa.

Njira ya Sebastian Leitner ya m'chaka cha 1972 imagawa timakadi m'mabokosi, kotero kuti kamene wophunzira wakhoza kamasunthira m'bokosi lowerengedwa patalipatali, pamene kamene walephera kamabwerera m'bokosi loyamba, lomwe limatsegulidwa kawirikawiri kuposa onse.