"Halo" si moni: momwe kukambirana pa foni kumayambira

Akatswiri ofufuza kayankhulidwe ka anthu amajambula mawu a anthu akucheza n'kuwamvetsera mobwerezabwereza. Pa nkhani ya foni, wodziwika kwambiri ndi Emanuel Schegloff wa ku Amereka. Mu 1968 iye adalemba zomwe adapeza m'mafoni pafupifupi 500, ndipo mu 1986 adafotokoza magawo anayi omwe amatsatana foni ikangoyankhidwa: kuitana ndi kuvomera, kuzindikirana, moni, kenako kufunsana za moyo.

Mfundo yake yoyamba ndi yakuti kulira kwa foni kuli ngati "odi" wa pakhomo. Choncho "Halo", kapena "Alo" monga ambiri amanenera kuno ku Mecanhelas, si moni ayi. Ndi kuvomera chabe kuti mwamva kuitana, monga mwana amati "Wawa". Umboni wake ndi uwu: netiweki ikasokonezeka pakati pa nkhani, munthu amafuula "Halo? Halo?" ngakhale moni adapatsana kale.

Tiyerekeze kuti wogula nandolo wa ku Nayuchi akuimbira mlimi wa ku Chiuta pa nambala yachilendo.

Mlimi: Alo?
Wogula: Ee, achimwene, mwaswera bwanji?
(chete pang'ono)
Mlimi: Ndaswera bwino... ndani kodi?
Wogula: Mwandiiwala? Ndine uja ndidatenga matumba atatu sabata yatha.
Mlimi: Ooo, bambo! Pepani, mwaswera bwanji?

Apa moni wagwira ntchito ziwiri. Wogula sadatchule dzina lake. Wapereka mawu ake kuti amvedwe, ndipo potero akunena kuti iwo awiri n'ngodziwana. Mlimi akadamuzindikira, akadabweza moni nthawi yomweyo. Kachetechete kaja ndiko kaulula kuti kuzindikirana kwalephera, n'chifukwa chake moni waperekedwanso kachiwiri. Ena amangoyankha mwansangala, kunamizira kuti azindikira, poopa kuchititsa mnzawo manyazi. Pa nkhani ya ndalama khalidweli n'loopsa, chifukwa wakuba wa pa foni amadikira kuti inu mumupatse dzina: "Ndinu amalume?" Iye n'kungoti "Eya."

Mafunso a moyo akatha, woimba ndiye amatula chomwe waimbira. Yankho lakuti "tili bwino" limatsegula njira imeneyo. Koma wina akati "tilipo pang'ono", mnzake amayenera kufunsa chavuta, ndipo mtengo wa nandolo umadikira kaye. Woimba akalumpha zonse n'kuyamba ndi "Muli kuti?", womvera amaganiza zadzidzidzi, kapena kuti mayunitsi akutha.

Magawowa sali chimodzimodzi kulikonse. Ku Netherlands, ofufuza adapeza kuti woyankha foni ya m'nyumba amayamba ndi kutchula dzina lake. Foni za m'manja nazo zasintha zinthu: dzina likaoneka pa sikirini, kuzindikira kwatha foni isanayankhidwe, ndipo mawu oyamba angathe kukhala moni weniweni. Komabe pakhomo pomwe foni ndi imodzi, dzinalo limanama. Mumayankha kuti "Ee, mlamu", koma woimbayo ali apongozi.