Chidziwitso: Mmene Mungazindikirire Sitetimenti ya ku Banki Yosinthidwa Mwachinyengo

Unduna ukudziwitsa alimi, asodzi ndi amalonda a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, monga ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka, kuti asamafulumire kupereka usipa kapena mpunga pa ngongole chifukwa choti wogula waonetsa sitetimenti ya ku banki. Chikalata chotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi kapena PDF chimasinthika mosavuta pa kompyuta.

Chinyengo chimagwidwa kawirikawiri pa masamu. Pa mzere uliwonse, ndalama zotsala, zomwe zimalembedwa pansi pa mawu oti Balance, ziyenera kufanana ndi zotsala za mzere wapamwamba mukaphatikiza zolowa kapena kuchotsa zotuluka. Kompyuta ya banki silakwitsa sawerengera zimenezi ngakhale ndi tambala imodzi, ndipo ndalama zomwe banki imadula zimakhala ndi mzere wakewake.

Tiyerekeze kuti mu akaunti munali K412,300, kenaka munalowa K150,000, zotsala n'kukhala K562,300. Mwini wake atatapa K60,000 munatsala K502,300. Pofuna kuoneka wa mpamba waukulu, iye akuwonjezera 1 kutsogolo kuti zolowa zioneke K1,150,000, ndipo zotsala za pa mzere womwewo akuzikweza kufika pa K1,562,300. Akaiwala mzere wotsatira, pepala lionetsa kuti atatapa K60,000 munatsala K502,300, kutanthauza kuti K1,000,000 yasowa popanda mzere woifotokoza. Akafuna kubisa zimenezi ayenera kusintha mizere yonse mpaka pansi, chiwerengero cha zolowa zonse, komanso ndalama zoyambira mwezi wotsatira. N'chifukwa chake ndi nzeru kupempha sitetimenti ya miyezi itatu yotsatizana ndi kuiwerengera pa foni, mzere ndi mzere.

Onaninso kalembedwe. Manambala a ndalama amayalidwa mofanana mbali ya kumanja, kotero kuti timadontho ta matambala timakhala pa mzere umodzi wowongoka. Nambala yowonjezeredwa imakankha inzake, imathinana nayo, kapena imaoneka yonenepa ndi yakuda kuposa zina. Kulitsani chithunzicho ndipo muyerekeze 1 kapena 7 wokayikitsayo ndi ena a pa tsamba lomwelo. Komabe chizindikiro ichi pachokha n'chofooka, popeza fotokope yosaoneka bwino imapotoza ngakhale chikalata chenicheni.

Wachinyengo wosamala angathe kukonza zonsezi, ndipo ngakhale chidindo chimakopedwa. Banki siingakuuzeni za akaunti ya munthu wina popanda chilolezo chake, choncho pitani naye ku nthambi ya banki yake ku Salima kuti sitetimenti isindikizidwe inu muli pomwepo. Ngakhale yeniyeniyo imangoonetsa ndalama za tsiku lomwe yasindikizidwa. Mawa lake zingathe kutapidwa zonse.

Kupanga kapena kugwiritsa ntchito chikalata chabodza ndi mlandu pa malamulo a dziko la Malawi. Mukakayikira, sungani pepalalo kapena uthenga wa pa foni osafufuta, musapereke katundu, ndipo kaneneni ku polisi ndi ku banki yomwe dzina lake lili pa chikalatacho.