Mtengo wa dola ya mtsogolo: momwe umawerengedwera ndi zomwe umaulula

Wamalonda wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene waitanitsa katundu kunja, ndipo adzalipira pakatha chaka, angathe kugwirizana ndi banki lero za mtengo womwe adzagulire dola pa tsikulo. Mtengo wa mtsogolowu sukhala wongoganizira. Umachokera pa zinthu zitatu: mtengo wa dola lero, chiwongoladzanja cha kwacha ndi chiwongoladzanja cha dola. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, John Maynard Keynes, adalongosola lamuloli m'chaka cha 1923.

Maziko ake ndi akuti munthu wosunga ndalama mu kwacha, ndi mnzake wosunga mu dola amene wapanganiranatu mtengo wodzasinthira, ayenera kutsiriza chaka ndi ndalama zofanana. Mawerengedwe ake ndi awa:

```
F = S × (1 + rK) / (1 + rD)
```

Apa F ndi mtengo wa mtsogolo, S ndi mtengo wa lero, rK ndi chiwongoladzanja cha kwacha, pamene rD ndi cha dola.

M'mwezi wa Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 bankiyi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, pomwe cha banki yaikulu ya ku America chidali chopitirira pang'ono 5 peresenti. Tikatenga K1,700, 26 peresenti ndi 5 peresenti, mtengo wa dola pakatha chaka umakhala K1,700 kuchulukitsa ndi 1.26, kugawa ndi 1.05, zomwe zikupereka K2,040. Nambalayi siikulosera kuti kwacha idzagwa kufika pamenepo, koma ikungofafaniza kusiyana kwa ziwongoladzanja ziwirizi.

Tiyerekeze kuti banki ina yalonjeza kudzagulitsa dola pa K1,900. Wochenjera angakongole madola 10,000 pa 5 peresenti ndi kuwasintha lero kukhala K17,000,000. Akasungitsa ndalamazi pa 26 peresenti, pakatha chaka zimakwana K21,420,000. Ngongole yake pamenepo ndi madola 10,500, omwe pa mtengo wa pangano lija akufuna K19,950,000 yokha. Amatsala ndi K1,470,000 osaikapo ndalama yakeyake. Anthu ambiri akathamangira phindu lotere, ofuna dola ya mtsogolo amachuluka, ndipo mtengo umakwera mpaka kufika pa K2,040.

Mtengo wa mtsogolo ukakwera kufika pa K2,200, njira imatembenuka. Munthu amakongola K17,000,000, kugula madola 10,000 lero, kuwasungitsa kuti akwane 10,500, ndi kupangana kudzawagulitsa pa K2,200. Amalandira K23,100,000, kubweza K21,420,000, n'kutsala ndi K1,680,000.

Njira yachiwiriyi ndi yomwe imavuta m'dziko muno. Imafuna kuti munthu agule dola lero pa mtengo wovomerezeka, koma ndalama zakunja zikasowa, monga zidalili m'zaka za 2022 ndi 2023, mabanki amakhala ndi mndandanda wautali wa odikira. Malamulo oyendetsera ndalama zakunja nawonso salola kugula dola pongofuna kuisunga kunja. Motero palibe wotseka mpatawo, ndipo mtengo wa mtsogolo ungathe kukhala pamwamba kwa miyezi yambiri.

Kwa akuluakulu oona za chuma ndi ogula katundu wa boma, mpata umenewu uli ndi uthenga. Mawerengedwe aja akabwezedwa chambuyo, K2,200 kugawa ndi 1.2 ikupereka pafupifupi K1,833. Umenewu ndiwo mtengo womwe msika ukuika pa dola ya lero, ngakhale pa bolodi la banki palembedwa K1,700. Woitanitsa katundu amene walipira K2,200 amaonjezera kusiyanako pa mitengo yake, ndipo kumathera m'thumba la wogula malata kapena mafuta ophikira ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa.

Komabe si mpata uliwonse umene ukusonyeza vuto. Chiwongoladzanja chokongolera chimaposa chosungitsira, banki imagula dola motsika ndi kugulitsa mokwera, ndipo pamakhalanso msonkho pa phindu. Choncho woyeza agwiritse ntchito ziwongoladzanja zomwe angazipezedi pa banki, za nthawi yofanana ndi ya panganolo. Pa pangano la miyezi itatu atenge gawo limodzi mwa magawo anayi a chiwongoladzanja cha pachaka. Ngakhale m'misika ikuluikulu ya dola, yuro ndi yeni, mpata waung'ono udayamba kuoneka nthawi zambiri kuchokera pa mavuto a zachuma a 2008, pamene mabanki adayamba kukayikirana, kenako malamulo atsopano adakweza mtengo wochitira malonda otere. Mpata wofunika kuufufuza ndi umene ukutsalabe zolipira zonsezi zitachotsedwa.