Katundu wa matchona ndi luso la fodya wa kampopi ku Lisasadzi

Tikamakamba za matchona, nkhani imathamangira ku katundu: njinga, makina osokera, galamafoni, mabulangeti, jekete ndi chipewa. Ine ndikuona kuti zimenezi zimabisa funso lalikulu. Mwa zonse zimene anthu athu anabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale, n'chiyani chinakhalitsa, ndipo anapindula nacho ndani? Dera la Lisasadzi ku Kasungu, komwe kunakhazikika ulimi wa fodya wa kampopi, ndi malo abwino ofunsirapo funsoli.

Njira zikuluzikulu zotulukira m'dziko zinali ziwiri. Ina inali ya Wenela, yopita kumigodi ya golide ku South Africa. Ina inali ya ku Southern Rhodesia, komwe anthu ankapita paselufu kapena kudzera ku Mthandizi, ndipo ambiri ankathera m'mafamu a fodya. Kamuzu Banda mwiniwake, mwana wa ku Kasungu, anadutsa konsekonse ali mnyamata: anagwira ntchito pachipatala ku Hartley, kenaka pamgodi pafupi ndi Johannesburg.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaonekera pobwerera. Wakumgodi ankadziwa kuboola thanthwe ndi kukankha ngolo pansi pa nthaka, koma kumudzi kunalibe mgodi wagolide woti akagwiritseko ntchito nzeruzo. Choncho phindu lake linali m'ndalama, ndipo gawo lina la malipiro a Wenela linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno. Wochenjera ankagula chinthu chobala ndalama, monga makina osokera oti aziika pakhonde la sitolo. Koma makina amafuna singano ndi zipangizo, njinga imafuna matayala, ndipo ndalama ikatha munthu ankalembetsanso ulendo wina.

Wakufamu ankalandira zochepa ndipo sutikesi yake inali yopepuka. Koma ngati anagwirapo ntchito ya m'balani, ankabwera ndi luso limene linali m'maso ndi m'zala. Kuti timvetse kulemera kwake, tiyenera kuona ntchitoyo.

Fodya wa kampopi sauma ndi mphepo m'chigafa ngati wa bale, komanso safukizidwa utsi ngati wa chikopa. Amaumikidwa m'balani ya njerwa. Moto umasonkhedwa m'ng'anjo kunja, kutentha n'kumadutsa m'mipope ya chitsulo yoyalidwa pansi m'katimo, utsi osakhudza masamba. Ntchitoyi imatenga pafupifupi sabata, usana ndi usiku, ndipo ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi lofuna mtundu wachikasu. Moto umakhala wochepa, madigiri 35 mpaka 40 a Seshasi, mazenera a mpweya ali otseka kuti chinyezi chisathawe. Pa masiku pafupifupi awiri amenewa tsamba limakhala likadali lamoyo, kubiriwira kukutha ndipo shuga akuchuluka m'kati mwake. Gawo lachiwiri ndi loumitsa tsamba: mazenera amatsegulidwa, moto n'kumakwezedwa pang'onopang'ono kufika madigiri pafupifupi 55, kuti mtundu uja ukhazikike. Gawo lomaliza ndi loumitsa mtsempha wapakati, womwe ndi wonenepa, pa madigiri pafupifupi 70. Kenaka moto umazimitsidwa, fodya n'kusiyidwa kuti afewe ndi chinyezi, apo ayi amafumbutuka pomutsitsa.

Tiyerekeze kuti wosonkha moto wathyoledwa ndi tulo usiku wachiwiri, ndipo podzidzimuka waunjika nkhuni kuti abweze nthawi. Ngati tsamba linali lisanamalize kusanduka, limauma lili lobiriwira, ndipo kubiriwirako sikuchokanso. Ngati linali litasanduka koma likadali ndi madzi ambiri, limaphikika n'kuda mawangamawanga. Akapsetsa moto pamapeto, fodya amafiira ngati wowauka. Mpope ukang'ambika kapena tsamba louma likagwera pampope wotentha, balani yonse imayaka. Chipangizo choyezera kutentha chimangonena nambala. Kudziwa kuti tsamba lafota mokwanira moti moto ungakwezedwe kumafuna munthu amene anachezera pa mabalani ambiri.

Luso limeneli linakwera mtengo mu 1965. Pa 11 Novembala chaka chimenecho boma la Ian Smith linalengeza ufulu wake popanda chilolezo cha Britain, ndipo zilango za malonda zinatsekera fodya wa ku Rhodesia misika yambiri. Ogula anayang'ana kwina, Malawi n'kupeza mpata. Zigwa za Kasungu, za dothi lamchenga ndi nkhalango za nkhuni, zinali zoyenera. Maesiteti anachuluka, kuphatikizapo a Press Farming ndi General Farming omwe anali m'manja mwa Kamuzu, ndipo mamanijala ambiri anali azungu ochokera ku Rhodesia komweko. Ku Lisasadzi kunali bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, lomwe linkaphunzitsa Amalawi kulima ndi kuumika fodyayu n'kuwapatsa malo m'sikimu.

Kenaka pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu akumigodi, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera m'zaka ziwiri zotsatira. Nkhondo ya ufulu itakula ku Rhodesia, enanso anachoka m'mafamu. Akatswiri Robert Christiansen ndi Jonathan Kydd, polemba mu 1983, anaonetsa kuti kubwerera kumeneku kunachitika pomwe maesiteti ankafuna antchito ochuluka. Kulemba anthu kutayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, chiwerengero sichinafikenso pomwe chinali kale.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Munthu wodziwa balani sakanangomanga yake kuseri kwa nyumba. Lamulo la mbewu zapadera linasiya fodya wa kampopi ndi wa bale m'manja mwa okhala ndi chilolezo, makamaka eni maesiteti, omwe ankagulitsa okha ku okushoni. Mlimi wa pamunda wa makolo ankaloledwa mitundu ngati chikopa, n'kumagulitsa ku Admarc pamtengo wotsika. Sikimu ya ku Lisasadzi inali khomo, koma lolowa ochepa. Kwa ena onse luso lija linawapezera ukapitawo kapena ntchito yosonkha moto paesiteti ya munthu wina. Anachoka pabalani ya mzungu ku Rhodesia n'kudzaima pabalani ya nduna kwawo.

Lamulo litamasuka kuyambira mu 1990, alimi ang'onoang'ono ambiri anathamangira bale, chifukwa chigafa cha mitengo ndi udzu n'chotsika mtengo kusiyana ndi njerwa, mipope ndi milu ya nkhuni. Ngakhale chiletso chitachoka, mpamba unatsalabe ngati mpanda.

Lero anzathu akupita ku Joni, ndipo kuyambira mu 2023 ena apita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Israel, komwe akuona ulimi wothirira wa m'mipope yodontheza. Timamva kawirikawiri kuti adzabwera ndi luso. Mbiri ya Kasungu ikundiuza kuti lusolo limabweradi. Chofunika kufunsa asananyamuke n'chakuti: akadzabwera, malo adzakhala a yani, ngongole ya mipope adzaipeza kuti, ndipo adzaloledwa kugulitsa kwa yani? Mafunso atatu amenewa ndiwo anasiyanitsa mlimi wa m'sikimu ndi kapitawo, ngakhale onse ankadziwa mofanana nthawi yokwezera moto.