Akumtundu

Nthenda yakumtundu ndi yomwe mwana amatengera kwa makolo ndipo amabadwa nayo. Enock Mwepu wa ku Zambia anasiya mpira mu 2022, ali ndi zaka 24, madokotala atamupeza ndi vuto lamtima lotere.

Ina mwa nthendazi imakhuthalitsa mnofu wa mtima. Munthu amaoneka wathanzi, koma akathamanga kwambiri mtima ungasokonekere kagundidwe n'kuima. Ndiyo inapha wosewera mpira Marc-Vivien Foé m'bwalo mu 2003. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi mwayi theka woitengera.

N'chifukwa chake mnyamata wa ku Chirimba akakomoka pothamangitsa chikopa, dokotala amafunsa ngati wachibale wina anafa mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 50. Amalume amene akuti "anangogwa" kumunda atchulidwe, pakuti yankholo lingachititse kuti mtima wa mwanayo uunikidwe.