Mfundo zomangira maboti aang'ono

Mfundo za amalinyero ndi njira zomangira chingwe zimene anthu oyenda pamadzi amagwiritsa ntchito pokocheza boti, pokoka linzake, pomanga nangula ndi pogwira thanga. Zilipo zambirimbiri, koma pa boti laling'ono zitatu ndizo zimagwira ntchito yambiri: bolini, kilovuhichi ndi kilitihichi. Mfundo yabwino ya pamadzi imamangika msanga, imagwira pamene chingwe chakungika, ndipo imamasuka ndi zala popanda mpeni kapena mano. Zitatuzi zimasiyana makamaka pa kamasukidwe, ndipo kusankha yoti umange kumadalira funso limodzi: pamene udzafune kumasula, kodi chingwecho chidzakhala chikukokedwa kapena chidzakhala cholendewera?

Mbiri yake

Zolembedwa zambiri za mfundozi zimachokera ku zombo za matanga za ku Ulaya. Dzina la bolini linayamba ngati dzina la chingwe, osati la mfundo. Pa zombo zakale za matanga a ngodya zinayi panali chingwe chimene chinkakokera mphepete mwa thanga kutsogolo kwa chombo kuti mphepo isalipinde, ndipo mfundo yomangira chingwecho inatenga dzina lomwelo. John Smith, Mngerezi amene anali mmodzi wa atsogoleri a mudzi wa Jamestown ku Amerika, anaitchula m'buku lake lophunzitsa amalinyero la mu 1627.

Dzina la kilovuhichi likupezeka m'dikishonale ya mawu a panyanja imene William Falconer anatulutsa mu 1769. Pa zombo za matanga, mfundoyi ndi imene inkamangira tizingwe topingasa tomwe amalinyero ankapondapo ngati makwerero pokwera mlongoti. Buku lodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi la Clifford Ashley wa ku New Bedford ku Amerika, mzinda wa osaka anangumi, lomwe linatuluka mu 1944. Ashley anali wojambula, ndipo anajambula yekha zithunzi pafupifupi 7,000, n'kupatsa mfundo iliyonse nambala yake. Mpaka lero anthu akamatsutsana za mfundo amatchula manambalawo: bolini ndi 1010.

Bolini

Bolini imapanga diso kunsonga kwa chingwe, ndipo disolo silikula kapena kuchepa ngakhale chikokedwe chotani. Pomanga, umayamba wapinda kadiso kakang'ono pa chingwe, mbali yopita kunsonga itagona pamwamba. Nsongayo umailowetsa m'kadisoko kuchokera pansi, n'kuizungulitsa kuseri kwa chingwe chachikulu, n'kuibwezanso m'kadiso komweko. Aphunzitsi ambiri amafotokoza ndi nthano ya kalulu wotuluka kudzenje, kuzungulira mtengo ndi kubwereranso kudzenje kwake, ndipo ana amaigwira msanga. Pokunga, dzanja limodzi limagwira nsonga pamodzi ndi mbali ya diso yoyandikana nayo, linalo limakoka chingwe chachikulu.

Bolini yomangidwa bwino imadziwika ndi maso. Chingwe chachikulu chimakhala chitavala kamkanda pakhosi, ndipo mchira umagona mkati mwa diso lalikulu. Ngati kadiso koyamba kaja kanapindidwa mozondoka, mfundo imangosolokera m'manja ukangokoka. Mchira usakhale waufupi: malangizo ofala ndi akuti utalike kuwirikiza kakhumi ndi kawiri kunenepa kwa chingwe, kotero pa chingwe cha mamilimita 10 usiye masentimita 12. Pomasula umakankhira kamkanda kaja kumbuyo motsatira chingwe chachikulu, ndipo mfundo imalekerera ngakhale itakoka boti tsiku lonse.

Zofooka zake ndi ziwiri, ndipo n'zotsutsana. Ikakungika siimasuka mpang'ono pomwe mpaka utachotsa mphamvu pa chingwe. Koma ikakhala yolendewera n'kumagwedezekagwedezeka, monga pa boti lomwe mafunde akulikankha ndi kulibweza usiku wonse, imatha kumasuka yokha, makamaka pa chingwe chouma ndi choterera. Ndi chifukwa chake osamala amamanga mchira wake ndi kamfundo kena pa mbali ya diso. Malo ake enieni ndi pa mphete ya kutsogolo kwa boti, pa diso loponya pa mzati wa padoko, ndi pa chingwe choponyera munthu amene wagwera m'madzi, chifukwa sichingam'finye pachifuwa.

Kilovuhichi

Iyi ndi mfundo yomangira chingwe pa chinthu chozungulira ngati mzati kapena chitsulo cha m'mbali mwa boti. Umazungulitsa chingwe kamodzi, n'kudutsa pamwamba pa chingwe chachikulu mopingasa, kuzungulitsanso kachiwiri, n'kulowetsa nsonga pansi pa mzere wachiwiriwo. Ikatha pamaoneka mizere iwiri yogundana ndi umodzi wodutsa pamwamba pake, nsonga ziwiri zikutulukira mbali zosiyana. Ngati mzatiwo uli wotsegula pamwamba, umangopinda maso awiri ofanana m'manja, kuwasanjikiza, n'kuwaveka pa mzati kamodzi n'kamodzi.

Ubwino wake ndi liwiro ndi kusinthika. Pokoleka matayala akale m'mbali mwa boti kuti matabwa asakhulike padoko, kilovuhichi imakulola kukweza kapena kutsitsa tayala osamasula zonse. Koma si mfundo yoisiyira boti n'kukagona. Chingwe chikamakoka ndi kuleka, kapena boti likamazungulira mzati, mizere ija imayenda pang'onopang'ono mpaka nsonga itatuluka. Pa mtengo wa ngodya zinayi kapena paipi yosalala imagwira mofooka. Nthawi zinanso imachita zosiyana: ikanyowa n'kukokedwa mwamphamvu pa chinthu chopyapyala imalumana, osamasukanso. Wofuna kuidalira nthawi yaitali awonjezere timfundo tiwiri pa chingwe chachikulu. Ambiri odziwa amasankha ina yofanana nayo, yomwe umazungulitsa chingwe kawiri pa mzati kenako n'kumanga timfundo tiwiri pa chingwe chachikulu. Imeneyo imamasuka ngakhale boti likukoka, poti mizere iwiri ya pamzati ndiyo imasenza mphamvu.

Kilitihichi

Kiliti ndi kachitsulo ka nyanga ziwiri kokhomedwa pa boti kapena padoko. Chingwe chimayamba chapita kunyanga yakutali, n'kuzungulira tsinde pansi pa nyanga zonse ziwiri. Kenako chimadutsa pamwamba mopingasa, kulowa pansi pa nyanga, kubwereranso mopingasa, ngati ukulemba 8. Pomaliza umapotoza kadiso n'kukaveka panyanga kuti mchira upanidwe pansi pake, utagona moyandikana ndi mzere womwe unadutsa kale. Chogwira boti ndi kukhulana kwa chingwe ndi chitsulo pa mzungulo woyamba uja, osati kadiso komaliza. Choncho ukhoza kumasula mizere yapamwamba boti likukoka, n'kumalekerera chingwe pang'onopang'ono. Kuunjika mizere isanu ndi timaso titatu sikuwonjezera kanthu, kumangochedwetsa pa nthawi ya ngozi. Pa chingwe chogwira thanga ambiri saika n'komwe kadiso komaliza, kuti mphepo ikawomba mwadzidzidzi athe kutaya msanga.

Chitsanzo cha pokocheza

Tiyerekeze boti lamatabwa la mamita 7, la injini yakumbuyo, likufika padoko la mizati mwera ukulikankhira kutali ndi doko. Musanafike, wakutsogolo amakoleka matayala awiri ndi kilovuhichi, n'kumanga bolini ya diso lalikulu kunsonga kwa chingwe cha mamilimita 10. Boti likayandikira amaponya disolo pa mzati, mbali inayo n'kuizungulitsa pa kiliti ya m'boti. Apa pali nzeru yonse: mfundo yosamasuka ili kumtunda, yomasuka ili m'manja mwake. Mwera ukakoka, iye amagwira ndi mzungulo umodzi, kukoka pamene funde lalekerera, kenako n'kutseka. Akanamanga bolini mbali zonse ziwiri, sakanatha kufupikitsa chingwe kapena kuchimasula mpaka woyendetsa atakankha boti ndi injini kuti chilendewere. Pochita zonsezi zala zisalowe pakati pa chingwe ndi chitsulo, chifukwa funde limodzi likhoza kuzithyola.

Mayina ndi ntchito zake kwathu kuno

M'Chichewa zonsezi ndi mfundo basi, liwu lomwenso timatchulira mfundo za nzimbe ndi nsungwi, ndi mfundo zimene munthu amapereka pamsonkhano. Likuyenera ndithu, poti paliponse ndi pamene zinthu zalumikizana n'kulimba. Mayina atatu aja ndi obwereka ku Chingerezi, ndipo zilankhulo zina zinatchula mwanjira yawo. Afalansa amati bolini ndi mfundo ya mpando, chifukwa munthu ankatha kukhala m'diso lake n'kukwezedwa pamlongoti, pamene dzina la Chijeremani limanena za mzati wokocheza. Kusiyana kumene munthu wakumudzi amakudziwa bwino ndi kwa mfundo yothina ndi yosathina. Khwekhwe lotchera nyama limapangidwa kuti lizithina pamene nyama ikuphupha. Mbuzi yomangidwa pakhosi ndi mfundo yotere ikhoza kudzipotokola, pamene yomangidwa ndi bolini imadya msipu bwinobwino. Amene anaona zimenezi safunanso kumufotokozera chifukwa chimene munthu womira samuponyera chingwe chothina.

Pa Nyanja ya Malawi zinthu zina n'zosiyana ndi za m'mabuku. Bwato losema kawirikawiri limangokokeredwa pamchenga, ndipo maboti ambiri amatabwa alibe kiliti, chingwe chimamangidwa pa mphete, pa thabwa lokhalapo kapena pa mtengo wa pagombe. Kumeneko mfundo yozungulitsa kawiri ya timfundo tiwiri ija ndiyo imalowa m'malo mwa kilitihichi. Madzi a nyanjayi sakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku ngati a panyanja yamchere, choncho palibe chifukwa chosiyira chingwe chotalika kwambiri padoko, koma mafunde a mwera m'miyezi yozizira amagwedeza chingwe usiku wonse, ndipo ndi kugwedeza komweko kumene kumamasula kilovuhichi. Vuto lina ndi chingwe chenichenicho. Chingwe chapulasitiki chopepuka chomwe chimagulitsidwa m'misika, chimene ambiri amangoti cha nayiloni, chimayandama, chimaterera ndipo chimakana kupindika, moti mfundo imene ingagwire pa khonje imatha kusoloka pa icho. Dzuwa nalonso limachidya. Chikayamba kutuwa ndi kutulutsa tiulusi tolasa m'manja, ndiye kuti chatha, ndipo palibe mfundo ingachipulumutse.

Tinganene kuti mfundozi zili m'gulu la zinthu zochepa za m'nthawi ya zombo za matanga zimene injini sinazichotse ntchito. Mfundo iliyonse imachepetsa mphamvu ya chingwe chifukwa cha kupindika, ndipo chingwe chikaduka nthawi zambiri chimadukira pamfundo pomwepo. Choncho poyendera chingwe cha boti musanalowe panyanja, yambirani pamenepo.