Za Mitundu Itatu ya Mafayilo ndi Kaundula Wakale wa Chuma

Makina akawerenga invoisi ndi kutolamo nambala yake, tsiku, dzina la wogulitsa ndi mtengo wa katundu aliyense, ntchito imakhala isanathe, pakuti zotoledwazo ziyenera kulowa m'pulogalamu yakale yowerengera chuma, imene mwina inalembedwa m'chilankhulo cha COBOL, chobadwa m'chaka cha 1959, ndipo simva china koma chimene inaphunzira pa ubwana wake. Kwa eni kulibe mkuwe. Wolandira ndiye alamula maonekedwe a fayilo.

XML, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, imakuta chinthu chilichonse ndi dzina lake kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo imayenda ndi sikima ya XSD, ndiyo lamulo lokana fayilo yosowa tsiku kapena yokhala ndi mawu pamalo pa ndalama. JSON ndi yopepukirapo, nayonso imasunga mizere ya katundu m'kati mwa invoisi yake. Koma ilibe mtundu wa tsiku, ndipo nambala ya invoisi 004512 iyenera kulembedwa ngati mawu, pakuti malamulo ake salola nambala yoyamba ndi maziro otere.

Fayilo yafulati ilibe zisa zotere: mzere uliwonse ndi rekodi, ndipo gawo lililonse limadziwika ndi malo ake okha. Chifukwa chake chilembo choyamba chimanena ngati mzerewo ndi mutu wa invoisi, katundu, kapena chiwonkhetso chotsekera:

```
H00451220240315
D004512Mbale     000125050
T000001000125050
```

Gawo la ndalama pano ndi `PIC 9(7)V99`, kutanthauza manambala asanu ndi anayi opanda kadontho, awiri omaliza kukhala a tambala. Motero 000125050 ndi K1,250.50. Tsono taonani chimene chimachitika wolemba akaika "Ziŵiya" pamalo pa "Mbale" m'gawo la malo khumi. Mu UTF-8 chilembo ŵ chimadya mabaiti awiri, kotero kuti ngati wotumiza awerenga zilembo pamene wolandira awerenga mabaiti, zonse zotsatira zimasunthira kumanja ndi malo amodzi, ziro womaliza amagwa, ndipo pulogalamuyo ingakane mzerewo, kapena, choipa koposa, ingalembe K125.05 osadandaula. Chimene chimagwira cholakwachi ndi mzere wa `T`, umene umanena kuchuluka kwa mizere ya katundu ndi chiwonkhetso cha ndalama. Ziwirizi zikasiyana ndi zimene wolandira wapeza, fayilo yonse ibwezedwe.

Uphungu wanga ndi uwu: zotoledwazo zisungidwe poyamba mu JSON, kapena mu XML ngati sikima ifunika, pamodzi ndi tsamba limene nambala iliyonse inachokera, pakuti fayilo yafulati ilibe malo a umboni wotere, kenaka fayilo yafulati ipangidwe kuchokera m'menemo pa khomo lomaliza, kuti tsiku limene oyendera mabuku adzafunsa gwero la ndalama ina, kalaliki adzathe kuloza pa pepala lenileni.